Wina Aitanidwa Kawiri, Wina Osaitanidwa: Vuto Lobisika pa Malire a Masamba

Tiyerekeze kuti ndi tsiku lolipira alimi pa kopaletivi ina ya soya. Alimi akhala pakhonde, ena pansi pa mtengo wa mango, njinga zatsamira kukhoma. Mlembi watsegula mndandanda pa kompyuta, wosanjidwa kuyambira amene anagulitsa matumba ambiri kutsikira kwa amene anagulitsa ochepa. Mndandandawo sukwana pa sikirini nthawi imodzi, choncho umabwera m'masamba. Akamaliza kuitana a tsamba loyamba, amadina kabatani kopita kutsamba lachiwiri. Bambo wina waitanidwa kawiri, ndipo kachiwiriko anthu aseka. Masamba atha, koma mayi wina wangokhala pamkeka, lisiti lake lili m'manja.

"Achimwene, ine simunandiitane."

"Dikirani kaye, mayi, ndione."

Mlembi walemba nambala ya mayiyo m'kabokosi kofufuzira, ndipo zonse zatuluka bwinobwino: dzina, mudzi, matumba 12. Mayi alimo m'kompyuta. Palibe amene anawafufuta, palibe amene anaba, ndipo makinawo sanawonongeke. Chimene chachitika n'chakuti dzina lawo lagwera pampata wa pakati pa tsamba loyamba ndi lachiwiri, ndipo malo awo atengedwa ndi munthu amene anali ataitanidwa kale.

Olemba mapulogalamu akumana ndi vuto limeneli m'masitolo a pa intaneti, m'mabuku a ndalama, m'mindandanda ya ophunzira ndi ya odwala. Gwero lake ndi limodzi: mndandanda unasanjidwa ndi chinthu chimene anthu angapo angafanane nacho, ndipo palibe anauza kompyuta kuti ofananawo aziima motani.

Nkhokwe yopanda woyamba ndi wotsiriza

Mayina a alimi aja amakhala m'detabesi, imene ndi nkhokwe ya pa kompyuta yosungiramo zolembedwa. M'detabesi zinthu zimaikidwa m'matebulo ofanana ndi kaundula wa kusukulu. Mlimi aliyense ali ndi mzere wake wopingasa, ndipo mizere yotsika pansi, imene amaitcha makolamu, imasunga mtundu umodzi wa nkhani: kolamu ya dzina, ya mudzi, ya matumba.

Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa kaundula wa papepala ndi tebulo la m'detabesi. M'kaundula, amene analembedwa pamwamba amakhala pamwamba mpaka pepala litang'ambika. M'detabesi mulibe lonjezo lotere. Maziko a madetabesi ambiri a masiku ano anayalidwa mu 1970 ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku America. M'maganizo ake, tebulo ndi gulu chabe la mizere, ndipo zoti mzere uti uli patsogolo pa unzake zilibe tanthauzo. Zili ngati mtedza m'lichero: ulipo wonse, koma palibe mtedza woyamba kapena wachiwiri. Anachita dala, kuti makina akhale ndi ufulu wosunga ndi kutola mizere m'njira iliyonse imene ili yachangu.

Choncho munthu akafuna mndandanda wosanjika, ayenera kunena. Chiyankhulo chofunsira madetabesi amenewa ndi SQL, ndipo mawu osanjira ndi `ORDER BY`. Detabesi imamvera zimene yauzidwazo ndendende, osawonjezerapo kanthu. Mukaiuza kuti isanje ndi matumba, wa matumba 25 adzakhala patsogolo pa wa matumba 20 nthawi zonse. Koma alimi asanu akakhala ndi matumba 12 aliyense, lamulo lanu silinanene kalikonse za iwo. Detabesi ikhoza kuwaimika mulimonse, ndipo mukafunsanso pakapita mphindi imodzi ikhoza kuwaimika mwina, osalakwa. Mabuku ofotokozera a PostgreSQL ndi MySQL, amene ndi madetabesi awiri ogwiritsidwa ntchito kwambiri padziko, amachenjeza za zimenezi poyera.

Alimi khumi, masamba awiri

Tichepetse kopaletivi yathu kuti ikhale ya alimi khumi, ndipo tsamba lililonse lizionetsa asanu. Mlimi aliyense ali ndi nambala yake imene kompyuta inamupatsa polembetsa, yosungidwa m'kolamu yotchedwa `id`.

```
id       1   2   3   4   5   6   7   8   9  10
matumba 12  20  12   8  12  25  12  15  12   5
```

Tikasanja kuyambira wamkulu, atatu oyamba ndi osakayikitsa: nambala 6 wa matumba 25, nambala 2 wa matumba 20, nambala 8 wa matumba 15. Awiri omaliza nawonso ndi odziwika: nambala 4 ndi nambala 10. Pakati pali gulu la asanu ofanana, manambala 1, 3, 5, 7 ndi 9, onse a matumba 12. Gulu limeneli lakhala pa malire penipeni. Tsamba loyamba latsala ndi malo awiri okha, ndipo atatu enawo ayenera kupita kutsamba lachiwiri.

Nali funso limene pulogalamu imatumiza pofuna tsamba loyamba:

```sql
SELECT id, matumba FROM alimi
ORDER BY matumba DESC
LIMIT 5 OFFSET 0;
```

Mawu akuti `DESC` akutanthauza kuyambira wamkulu kutsika, `LIMIT 5` akutanthauza kuti undipatse mizere isanu, ndipo `OFFSET 0` akuti usadumphe mzere uliwonse. Tinene kuti ulendo uno detabesi yaimika ofanana aja motere: 1, 3, 5, 7, 9. Tsamba loyamba latuluka ndi manambala 6, 2, 8, 1 ndi 3.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu amene akudina kabatani amaganiza kuti akutembenuza tsamba la buku limene linasindikizidwa kale. Si choncho. Detabesi siisunga mndandanda uja kudikira kuti mlembi amalize kuitana. Ikapereka mizere isanu, ntchito yake yatha, ndipo imaiwala. Kudina kwachiwiri ndi funso latsopano, lofanana ndi loyamba kupatula kuti likutha ndi `LIMIT 5 OFFSET 5`. Detabesi imasanjanso alimi onse kuyambira pachiyambi, n'kudumpha asanu oyamba, n'kupereka asanu otsatira.

Tsopano tinene kuti ulendo wachiwiriwu ofanana aja aima motere: 1, 7, 3, 5, 9. Odumphidwa akhala 6, 2, 8, 1 ndi 7. Tsamba lachiwiri latuluka ndi 3, 5, 9, 4 ndi 10. Nambala 3 waoneka pamasamba onse awiri. Nambala 7, amene ndi mayi uja wa lisiti m'manja, sanaoneke paliponse. Pa funso loyamba anali kuseri kwa malire, ndipo pa funso lachiwiri anali m'gulu la odumphidwa. Tsamba lililonse palokha ndi lolondola. Cholakwika chimabadwa mukawalumikiza.

Chimene chimapangitsa vutoli kukhala loipa n'chakuti limabisa mapazi ake. Werengani mizere ya masamba onse awiri: ndi khumi, monga mmene ziyenera kukhalira. Phatikizani matumba: akwana 133, chimodzimodzi ndi m'tebulo lenileni, chifukwa wobwerezedwayo ndi wosowayo onse ali ndi matumba 12. Msungichuma amene akuyang'ana chiwerengero cha pansi pa pepala adzasainira mtima uli m'malo. Amene angazindikire ndi mwiniwake wa dzina losowalo basi.

Nanga chimawasuntha n'chiyani?

Wina angafunse kuti, kompyuta si imachita chinthu chimodzimodzi nthawi zonse? Pa tebulo la mizere khumi nthawi zambiri zimaterodi, n'chifukwa chake wolemba pulogalamu akamayesa ntchito yake ndi mayina ochepa saona vuto. Koma tebulo likakula, pali zinthu zingapo zimene zimasintha kaimidwe ka ofanana.

Choyamba ndi njira yachidule yosanjira. Taganizirani mayi wogulitsa tomato amene wapemphedwa asanu aakulu kwambiri m'dengu. Sayala dengu lonse pansi n'kulisanja. Amatenga asanu m'manja, ndipo akaona wamkulu kuposa wina wa m'manjamo amasinthanitsa. Madetabesi amachitanso chimodzimodzi akaona `LIMIT`. Pa tsamba loyamba amagwira mizere isanu yokha, pa tsamba lachiwiri ayenera kugwira khumi, pa lachitatu 15. Kukula kwa mulu umene wagwidwa kukasintha, kusinthanitsa kuja kumayendanso mosiyana, ndipo ofanana amagwera malo ena. PostgreSQL inayamba kusanja motere mu 2008, pa mtundu wa 8.3. MySQL inabweretsa njira yofananayo pa mtundu wa 5.6, umene unatuluka mu 2013, ndipo anthu ambiri amene anachoka pa 5.5 anadabwa kuona masamba amene ankayenda bwino ayamba kubwereza mizere. Ena ankati detabesi yatsopanoyo ili ndi vuto, koma zoona zake n'zakuti mapulogalamu awo ankadalira mwayi kuyambira kale.

Chachiwiri ndi kusankha msewu. Detabesi isanayankhe funso imayamba yawerengera njira yotchipa. Ikhoza kutsata indekisi, yomwe ndi kamndandanda kosanjidwiratu ngati mlozera wa kumapeto kwa buku, kapena ikhoza kuwerenga tebulo lonse n'kusanja yokha. Powerengerapo imayang'ananso manambala a `LIMIT` ndi `OFFSET`. Choncho masamba oyambirira akhoza kubwera kudzera m'indekisi, a kutali n'kubwera kudzera m'njira inayo, ndipo misewu iwiriyi siikumana ndi ofanana aja m'dongosolo limodzi.

Chachitatu ndi kusintha kooneka ngati kosakhudzana ndi nkhaniyo. Mu PostgreSQL, mukakonza kanthu pa mzere, ngakhale nambala ya foni chabe, detabesi imalemba kope latsopano la mzerewo pamalo ena m'tebulo. Matumba a mayi uja sanasinthe, koma pamene mzere wawo wagona pasintha, ndipo posanja ukhoza kutoledwa pa nthawi yosiyana ndi ya poyamba. Onjezani kuti pa matebulo aakulu detabesi imagawa ntchito kwa antchito ake angapo oyenda pamodzi, ndipo amene wamaliza msanga ndiye amayamba kupereka mizere yake.

Cholekanitsa chimene sichifanana

Okonda mpira amadziwa kuti matimu awiri akafanana mapointi m'ligi, timayang'ana kusiyana kwa zigoli. Koma amadziwanso kuti zigolizo nazonso zikhoza kufanana, ndiye pamafunika lamulo lina pamwamba pake. Mndandanda wa m'detabesi umafuna cholekanitsa chomaliza chimene sichingafanane ngakhale zitavuta maka. Matebulo ambiri ali nacho kale: ndi kolamu imene inalengezedwa kuti ndi `PRIMARY KEY`, imene detabesi yokha imakana kuti ibwerezedwe kapena isiyidwe yopanda kanthu. Kwa alimi athu ndi `id`. Mankhwala onse ndi kuwonjezera liwu limodzi kumapeto kwa lamulo losanjira:

```sql
SELECT id, matumba FROM alimi
ORDER BY matumba DESC, id
LIMIT 5 OFFSET 5;
```

Tanthauzo lake ndi lakuti usanje ndi matumba, ndipo pamene matumba afanana usanje ndi nambala. Tsopano ofanana aja ali ndi kaimidwe kamodzi kokha kololedwa: 1, 3, 5, 7, 9. Kaya detabesi idutsa m'indekisi, kaya iwerenga tebulo lonse, kaya mzere wasamukira kwina, yankho ndi lomwelo. Tsamba loyamba ndi 6, 2, 8, 1, 3, ndipo lachiwiri ndi 5, 7, 9, 4, 10. Mlembi saona kusintha kwina kulikonse pa sikirini, chifukwa `id` imangolankhula pamene matumba alephera kulekanitsa. Ngati tebulo ndi lalikulu, woyang'anira detabesi amapanga indekisi ya makolamu awiriwo pamodzi, m'dongosolo lomwelo, kuti liwiro lisatsike.

Pamafunika kusamala posankha cholekanitsacho, chifukwa zambiri zimene zimaoneka ngati za munthu mmodzi sizili choncho. Dzina silingathandize m'dera limene a Banda ndi a Phiri ali mbwee, ndipo ngakhale dzina loyamba ndi la bambo pamodzi zimatha kufanana. Nambala ya foni imatha kukhala imodzi ya banja lonse. Nambala ya chiphaso cha unzika ndi ya munthu mmodzi, koma ngati alimi ena analembetsedwa osaipereka, malo awo amakhala `NULL`, kutanthauza opanda kanthu, ndipo onse opanda kanthuwo amafanananso. Nthawi imene mzere unalembedwa ndiyo imanyenga anthu kwambiri. Zimaoneka zosatheka kuti mizere iwiri ilowe pa kamphindi kamodzi, koma mlembi akalowetsa fayilo ya mayina 500 nthawi imodzi zimachitika. Mu PostgreSQL, `now()` imapereka nthawi imene ntchito yonseyo inayambira, choncho mizere 500 yonseyo ikhoza kukhala ndi nthawi yofanana ndendende.

Cholekanitsa chiyeneranso kukhala cha mzere umene ukuonetsedwa. Ngati mndandanda ndi wa malonda, osati wa alimi, mlimi mmodzi amene anagulitsa katatu ali ndi mizere itatu, ndipo nambala yake yabwerezedwa katatu. Pamenepo cholekanitsa choyenera ndi nambala ya lisiti.

Pamene cholekanitsa chokha sichikwana

Kuwonjezera `id` kumathetsa vuto la ofanana, koma sikuimitsa dziko. Tinene kuti mlembi akuitana a tsamba loyamba, mnzake pa kompyuta ina walowetsa mlimi watsopano, nambala 11, wa matumba 30. Ameneyu wakhala pamwamba, ndipo aliyense watsika ndi malo amodzi. Funso la `OFFSET 5` lidumpha 11, 6, 2, 8 ndi 1, ndipo tsamba lachiwiri liyamba ndi nambala 3, amene anaitanidwa kale. Zikachitika mosemphana, nambala 2 n'kuchotsedwa m'tebulo, aliyense amakwera ndi malo amodzi, ndipo nambala 5 amalowa m'gulu la odumphidwa asanaoneke. Chifukwa chake n'chakuti `OFFSET` imawerenga malo, osati anthu.

Njira yolimba ndi kusiya kuwerenga malo n'kuyamba kukumbukira munthu amene tinalekezera. Tsamba loyamba linathera pa nambala 3, wa matumba 12. Funso la tsamba lachiwiri limakhala lakuti undipatse asanu amene ali pambuyo pa ameneyu:

```sql
SELECT id, matumba FROM alimi
WHERE matumba < 12
   OR (matumba = 12 AND id > 3)
ORDER BY matumba DESC, id
LIMIT 5;
```

Yankho ndi 5, 7, 9, 4 ndi 10, kaya pamwamba pawonjezeka munthu, kaya pachoka munthu. Mlimi watsopano uja sadzaoneka mpaka mlembi atabwerera kutsamba loyamba, koma palibe wakale amene wabwerezedwa kapena kudumphidwa. Njirayi ili ndi mtengo wake: simungalumphire kutsamba 40 mwachindunji, mumayenda tsamba ndi tsamba. N'chifukwa chake imakonda kugwiritsidwa ntchito pa mindandanda imene munthu amangotsika nayo pa foni, ndi pa mapulogalamu amene amakoka tebulo lonse pang'onopang'ono.

Taonani kuti panonso `id` ndiyo yanyamula katundu. Muichotse, n'kungofunsa a matumba ochepera 12: manambala 5, 7 ndi 9 asowa onse atatu, osati mwangozi koma nthawi zonse. Mufunse a matumba 12 kapena ochepera: tsamba libwera ndi 1, 3, 5, 7 ndi 9, lithera pa matumba 12 omwewo, ndipo funso lotsatira libweretsanso tsamba lomwelo mpaka kalekale.

Mmene mungadziwire

Vutoli lili ndi zizindikiro zake ngakhale kwa munthu amene sanalembepo pulogalamu. Dzina lobwerezedwa limakhala kumapeto kwa tsamba limodzi ndi kumayambiriro kwa lotsatira, kapena chapafupi pomwepo. Oyandikana nalo amakhala ofanana nalo pa chinthu chimene mndandanda wasanjidwira: mudzi umodzi, tsiku limodzi, mtengo umodzi. Munthu wosowayo amapezeka mukamufufuza ndi dzina kapena nambala. Ndipo mukasintha kuchuluka kwa mizere ya pa tsamba, kuchoka pa 20 kupita pa 50, wosowayo amatulukira, mwina wina n'kusowa m'malo mwake. Mindandanda yosanjidwa ndi zinthu za mitundu yochepa, monga boma, kalasi, kapena "walipira" ndi "sanalipire", ndiyo imadwala kwambiri, chifukwa pafupifupi malire onse a masamba amagwera pakati pa ofanana.

Kwa wolemba pulogalamu, kuyesa kwake n'kosavuta. Choyamba aone ngati kolamu yosanjira ili ndi ofanana:

```sql
SELECT matumba, COUNT(*) FROM alimi
GROUP BY matumba
HAVING COUNT(*) > 1;
```

Pa tebulo lathu funsoli libweza mzere umodzi: matumba 12, alimi 5. Kenako ayende masamba onse, atole manambala a `id`, achotse obwerezedwa, awerenge otsala. Akatsala 9 pamene tebulo lili ndi 10, wina wagwera pampata. Koma asadikire kuti kuyesako kumugwire, chifukwa lero kukhoza kutuluka bwino, vuto n'kudzabwera chaka chamawa tebulo litakula kapena detabesi itasinthidwa mtundu. Kolamu imene lero ilibe ofanana si umboni. Chofunika ndi kolamu imene detabesi siingalole kuti ifanane.

Inu amene mumagwira ntchito ndi mindandanda ya pa kompyuta, kaya ya malipiro, ya ngongole kapena ya ana asukulu, mukaona dzina lomwelo pamasamba awiri otsatizana, musangoseka n'kupitirira. Dziwani kuti mwina pali dzina lina limene silinaoneke. Lembani dzina lobwerezedwalo, tsamba limene mwaliona ndi chimene mndandanda unasanjidwira, mupite nazo kwa amene anakupangirani pulogalamuyo, ndipo mumufunse kuti, anthu awiri akafanana, chimawalekanitsa n'chiyani? Ngati `ORDER BY` yake siithera pa kolamu imene singabwerezedwe, ntchito yake sinathe.